KALATA YOKUMBUTSA NKHONGOLE: ULEMU WOSABISA KANTHU

M'midzi yambiri ya ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke muli magulu a anthu okongola ndalama ku mabungwe obwereketsa a malonda ang'onoang'ono. Bungwe liri lonse lotere liri ndi kalaliki wace woyendera magulu, amene nchito yace ndiyo kulemba maina, kulandira zobweza ndi kukumbutsa ocedwa. Kawirikawiri kalalikiyo ndi mnyamata kapena mtsikana wa kufupi komweko, ndipo amene ayenera kuwakumbutsa ndi anthu a msinkhu wa makolo ace. Apa ndipo pagona bvuto. Akalemba mokalipa anyoza akulu. Akalemba mwamanyazi abisa tsiku ndi mtengo, ndipo wokongolayo adzadzidzimuka cilango citafika kale pakhomo. Phunziro lino lisonyeza kuti m'kalata yotere muli mau oyenera kufewa, mulinso mau osayenera kukhudzidwa konse, ndi kuti nzeru yonse ya mlembi iri pa kusiyanitsa awiriwa.

1. Nkhongole ya citsanzo

Kuti nkhani imveke bwino, nayi nkhongole yopeka, yofanana ndi zimene zicitika m'magulu ambiri. Amai ena a pfuko la Phiri, ogula nshawa kwa alimi ndi kukagulitsa ku msika, anakongola K3,000 pa 5 Juni, ali m'gulu la amai asanu. Cipangano cimene anasaina cinali ndi mfundo zinai.

Yoyamba: ndalama zidzabwezedwa m'magawo asanu ndi limodzi, pa 5 mwezi uli wonse, kuyambira Julayi kufikira Disembala. Yaciwiri: gawo liri lonse ndi K680, ndiyo K500 ya ndalama zokongolazo ndi K180 ya ciongoladzanja, zonse pamodzi K4,080. Yacitatu: gawo likacedwa, K500 ija ipitirira kubala ciongoladzanja pa mlingo womwewo, ndiyo K30 pa masiku 30, kapena K1 tsiku liri lonse. Yacinai: akapita masiku 30 gawo lisanabwezedwe, bungwe litenga K300 imene amaiwo anaika ngati cikole, anzao anai a m'gulu alipira zotsala, ndipo gulu lonse silikongolanso kufikira zonse zitatha.

Amai Naphiri anabweza bwino m'Julayi, m'Ogasiti ndi m'Seputembala. Koma kumapeto kwa Seputembala mwana wao anagonekedwa ku cipatala, malonda anaima, ndipo gawo la pa 5 Okutobala silinaoneke. Pa 12 Okutobala kalaliki anakhala pansi kuti alembe. Patsikulo panali patapita masiku 7, cotero cofunika cinali K687.

2. Makalata awiri olakwika

Kalaliki wina akadalemba motere: "Naphiri, mwalephera kulipira. Bweretsani ndalama zathu msanga. Mukapanda kutero tidzabwera ndi apolisi kudzatenga katundu wanu, ndipo mudzi wonse udzadziwa."

Kalata iyi ndi yoipa, ndipo kuipa kwace sikuli pa mwano pokha. Woiwerenga mosamala aona kuti ngakhale iri yaukali, siinena kanthu. Mulibe mtengo, mulibe tsiku, mulibe njira yolipirira. "Msanga" si tsiku. Kunena za apolisi ndi bodza, pakuti kucedwa kubweza nkhongole yotere si mlandu wa polisi; bungwe likafuna kukakamiza munthu, njira yace ndiyo ya khoti. Cimene kalata yotere ibala ndi mantha, ndipo munthu wamantha sabwera ku ofesi. Abisala kwa abale, azima foni, kapena athamangira kwa a kaloba kukatenga K700 yoti adzabweze yoposa pamenepo kutali, nakumba dzenje lalikulu pofuna kukwirira laling'ono.

Kalaliki wina, wa mtima wacifundo, akadalemba motere: "Amai athu okondedwa, pepani pokubvutitsani. Tidziwa kuti zinthu zabvuta. Mukapeza kangacepe mudzationere. Musadere nkhawa, tidzaona cocita."

Anthu ambiri akadayamika kalata iyi, koma ndiyo cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Amaiwo poiwerenga aganiza kuti bungwe lawapatsa nthawi, pamene m'buku la ku ofesi K1 iri kuonjezeka tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku la 30 liri kuyandikira. Likafika, cikole cao citengedwa, anzao anai aitanidwa kudzalipira, ndipo amai amene anauzidwa kuti asadere nkhawa acita manyazi pamaso pa gulu lonse. Pamenepo kalaliki adzati pepani, koma pepani sapoletsa cilonda. Kalata yoyamba inawaopsa ndi cilango cabodza. Yaciwiri inawabisira cilango ceniceni. Ndipo m'zonse ziwiri wobvulala ndi wokongolayo.

3. Zofewa ndi zosafewa

Kalata yokumbutsa ikamba za zinthu ziwiri: munthu ndi nkhongole. Mau onse okamba za munthu ayenera kufewa. Mau onse okamba za nkhongole ayenera kuima monga alembedwera m'cipangano.

Pa mbali ya munthu, mlembi ali ndi zida zinai. Coyamba ndi kaitanidwe: wamkulu aitanidwa "Amai" kapena "Atate", ndi dzina la pfuko lace, ndipo m'kalata monse anenedwa "inu", ngakhale atakhala wamng'ono kwa mlembiyo. Caciwiri ndi moni wokhudza cimene mlembi adziwa zoona; ngati wamva za matenda afunse za wodwalayo, koma asapeke cifundo pa zimene sadziwa. Cacitatu ndi kukumbukira zabwino: munthu amene wabweza katatu pa tsiku lace ayenera kuuzidwa kuti bungwe silinaiwale. Cacinai ndi kucotsa cala pa munthu ndi kuciika pa buku. "Mwalephera kulipira" ndi mau oweruza. "Gawo la pa 5 Okutobala silinalembedwe m'buku lathu" ndi mau onena comwe ciripo. Mau aciwiriwa asiyanso mpata wa coonadi cina, pakuti nthawi zina munthu analipira ndithu, koma ndalama zinalembedwa pa dzina la wina.

Pa mbali ya nkhongole, zinthu zisanu ziyenera kuoneka poyera, ndi manambala: mtengo wofunika lero, tsiku limene unayenera kulipidwa, zimene ziri kuonjezeka, tsiku limene cilango cacikulu cidzayamba, ndi cilangoco, ndi magawo otsala. Apa mlembi acenjere ndi timau tina tokoma m'kamwa timene tisungunula manambala: "kangacepe", "posacedwa", "mukapeza", "mwina", "tidzaona". Ndiponso asacepetse ndalama ndi cilankhulo, monga kunena "tindalama tija". Pakuti mau ocepetsa amveka ngati ulemu, koma auza wowerenga kuti nkhaniyo ndi yaing'ono.

4. Kalata yoyenera

Tsono kalaliki wodziwa nchito yace analemba motere:

"12 Okutobala.

"Okondedwa Amai Naphiri,

"Moni. Ndinamva kuti mwana wanu anali ku cipatala; ndikhulupirira kuti tsopano ali kupezako bwino. Ndikuthokozani kuti magawo a Julayi, Ogasiti ndi Seputembala munabweza pa tsiku lace.

"Ndalemba kukudziwitsani kuti gawo la K680 la pa 5 Okutobala silinalembedwe m'buku lathu. Ngati munalipira, conde mundionetse lisiti kuti ndikonze.

"Monga mwa cipangano cathu, K1 ionjezeka tsiku liri lonse. Lero cofunika ndi K687. Mukalipira pa msonkhano wa gulu pa 19 Okutobala cidzakhala K694.

"Tsiku lomariza ndi 4 Novembala, pamene cidzakhala K710. Likapita tsikulo gawoli lisanathe, bungwe lidzatenga cikole canu ca K300, anzanu anai adzalipira K410 yotsala, ndipo gulu silidzakongolanso kufikira zonse zitatha. Ndakuuzani izi lero kuti zisadzakudzidzimutseni.

"Magawo ena awiri sanasinthe: K680 pa 5 Novembala, ndi K680 pa 5 Disembala.

"Ngati muona kuti simudzatha, conde mubwere ku ofesi pasanafike pa 19 Okutobala. Ine ndiribe mphamvu yosintha masiku, koma akulu a ofesi ali nayo, ndipo ndidzakuperekezani kwa iwo kuti mukalongosole nokha.

"Ine wanu,
Kalaliki wa gulu lanu."

Pali zinthu zinai zoyenera kuzipenyetsetsa m'kalata iyi.

Coyamba ndi dongosolo lace. Moni uli patsogolo, koma ndi waufupi, mizere iwiri kapena itatu yokha. Moni ukatalika, wowerenga ayesa kuti ndiyo nkhani yonse, ndipo ngati ali kumuwerengera ndi mdzukulu wa ku sukulu, angaleke kumvetsera manambala asanafike. Pambuyo pa moni padza nkhongole, pambuyo pace cilango, ndipo pomariza khomo lotseguka. Munthu akumbukira kwambiri mau omariza. Cifukwa cace kalata ithe ndi cimene iye angathe kucita, osati ndi cimene adzacitidwa.

Caciwiri ndi masamu. Kalaliki sanangonena kuti K1 ionjezeka, koma anawerengeratu mtengo wa masiku atatu: lero, tsiku la msonkhano, ndi tsiku lomariza. Akadapanda kutero, amaiwo akadabwera pa 19 Okutobala ndi K680 m'kansalu, nauzidwa kuti yaperewera K14, ndipo akadabwerera kwao ndi mtima wakuti awabera. Mikangano yambiri ya pa tebulo la kalaliki iyamba ndi ndalama zocepa zotere, zimene munthu sanauzidwe.

Cacitatu ndi magawo otsala. Wocedwa mwezi umodzi aganizira mwezi womwewo wokha, naiwala kuti wina uli m'njira. Kwa amai awa tsiku lomariza la gawo locedwa ndi 4 Novembala, ndipo m'mawa mwace pafika gawo lina. Akadikira kufikira mapeto, adzafunika kupeza K710 ndi K680 pa masiku awiri otsatana, ndiyo K1,390, imene malonda a nshawa sangaitulutse nthawi imodzi. Kuwaonetsa masiku awiriwo pafupi ndi cifundo coposa mau onse otonthoza.

Cacinai ndi kamvekedwe ka cilango. Kalata siinena kuti "tidzakulangani", koma "monga mwa cipangano cathu". Cilango sicicokera mu mkwiyo wa kalaliki, koma m'pepala limene onse awiri anabvomera. Ndiponso kalaliki ananena malire a mphamvu yace. Akadalemba kuti "ndidzakukhululukirani masiku awa", ndipo akulu a ofesi akadakana, iye akadasanduka wonama, ndipo gulu lonse likadaleka kukhulupirira mau ace ena onse.

5. Cilango cochulidwa cikhale coona

Kalaliki asalembe cilango ciri conse asanatsegule cipangano ndi kuciwerenga, pakuti cilango cosalembedwa m'menemo sicilowa m'kalata. Ayeneranso kudziwa kuti mabungwe obwereketsa amene ali ndi cilolezo ayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya Zambia, ndi kuti lamulo la mabanki la caka ca 2017 linaika malire pa zimene wocedwa angalipitsidwe. Linalola ciongoladzanja pa ndalama zocedwazo, ndalama zoonongedwa pa milandu ya ku khoti, ndi zoonongedwa posunga kapena kugulitsa cikole. Koma cindapusa congoikapo cifukwa munthu wacedwa linaciletsa. Cifukwa cace m'citsanzo cija muli K1 ya ciongoladzanja pa tsiku, osati cindapusa ca K100 coopsera naco. Wokongola amene aona m'kalata cilango cimene sacikumbukira ali ndi ufulu wopempha kuti amsonyeze mzere wace m'cipangano.

Pali cilango cina cosaoneka ndi maso. Mabungwe ambiri atumiza mbiri ya okongola ku kaundula wa nkhongole, kumene mabanki ndi mabungwe ena ayang'ana asanakongoze munthu. Ngati bungwe licita zimenezi, kalata inene poyera, ndi mau ofatsa: "Kucedwa kumeneku kudzalembedwa ku kaundula wa nkhongole, ndipo kungakubvuteni pokongola kwina." Munthu wosauzidwa angadzazindikire patapita zaka, pamene akanidwa nkhongole ya feteleza osadziwa cifukwa cace.

Ena ayesa kuti ukali ndiwo ubweza ndalama. Zimene zinacitika ku India zisonyeza mapeto ace. M'cigawo ca Andhra Pradesh, m'caka ca 2010, kunamveka madandaulo ambiri akuti otolera nkhongole a mabungwe otere anali kuzunza ndi kucititsa manyazi okongola, ndipo imfa za anthu ena odzipha zinanenedwa kuti zinacokera pamenepo. Boma la cigawoco linaika lamulo lolimba loletsa katoleredwe kotere, anthu ambirimbiri analeka kubweza, ndipo mabungwe ena anatsala pang'ono kugwa. Akale anati mau aufulu anaturutsa njobvu m'munda. Koma m'mwambiwo njobvu inaturuka ndithu, pakuti mauwo ananena cimene anafuna.

6. Katumizidwe kace

Kalata yabwino ingaonongeke m'njira. Ikhale yomata, ndipo iperekedwe m'manja mwa mwini wace. Isapatsidwe kwa mwana wopita ku sukulu, isasiyidwe pa sitolo, ndipo isawerengedwe mokweza pa msonkhano wa gulu, kapena pa bwalo la chalichi anthu poturuka. Ngati mwini wace sadziwa kuwerenga, asankhe yekha womuwerengera. Kapena kalaliki amuwerengere ali awiri, ndi kumpempha kuti abwereze mtengo ndi tsiku ndi pakamwa pace. Ku nyumba ya maliro kalata yotere siipita. Kalaliki adikire maliro athe, koma awerenge masiku, kuti cenjezo lifike tsiku lomariza lisanayandikire. Ndipo ngati nthawi yacepa, akauze akulu a ofesi kuti aganizire zoonjezera masiku.

Masiku ano zikumbutso zambiri zipita pa foni, m'mene malo ali ocepa. Pofupikitsa, ambiri adula moni. Ena adula manambala. Coyenera ndi kusunga mau amodzi a ulemu ku ciyambi, khomo lotseguka ku mapeto, ndi manambala onse pakati: "Moni Amai. Gawo la K680 la pa 5 Okutobala silinafike. K1 ionjezeka tsiku liri lonse. Lero ndi K687. Tsiku lomariza ndi 4 Novembala. Likapita, cikole ca K300 citengedwa ndipo gulu lilipira zotsala. Ngati pali bvuto, conde tionane." Koma mlembi akumbukire kuti m'mudzi foni imodzi itumikira nyumba zingapo. Ngati nambala ndi ya mnansi, angolemba kuti amaiwo aonane ndi kalaliki wa gulu, ndipo manambala adzawanene pamaso.

7. Kuyesa kalata isanapite

Pali njira yapafupi yodziwira ngati kalata yakhoza. Kalaliki aphimbe dzina, napatse mnzace wa mu ofesi amene sadziwa nkhaniyo kuti awerenge kamodzi kokha, ndipo amfunse mafunso anai: Ndalama zingati? Pofika liti? Zikapanda kufika cidzacitika nciani? Munthuyu akabvutika apite kwa yani? Mnzaceyo akalephera funso limodzi, kalata yafewa pamene siiyenera kufewa. Pambuyo pace kalaliki adzifunse yekha funso lacisanu: kodi akadakondwera kuti mai wace womubala alandire kalata yomweyi? Akakayika, kalata yauma pamene siiyenera kuuma.

Yankho la wokongola nalonso lisonyeza. Akabwera ndi ndalama zosakwanira, masamu sanamveke. Akati "ndinayesa mwandipatsa nthawi", mau otonthoza anapitirira muyeso. Akazimirira osayankha, kalata inamuopsa. Koma akabwera tsiku lisanafike, ngakhale ali ndi theka lokha la ndalama, nati, "Ndabwera kuti tikambirane," pamenepo kalata yagwira nchito yace yonse.

Mafunso okambirana

1. M'kalata ya cifundo ija, ndi mau ati amene anabisa tsiku, ndipo ndi ati amene anamveka ngati lonjezo?

2. Amai Naphiri akalipira pa 26 Okutobala, ayenera kubwera ndi ndalama zingati?

3. Cifukwa ninji kalaliki anachula magawo a Novembala ndi Disembala, pamene masiku ao anali asanafike?

4. Msungicuma wa gulu losunga ndalama m'mudzi, pokumbutsa mbale amene wacedwa kubweza, angatengepo ciani pa kalata ya pa 12 Okutobala?